Makala, mafuta ndi sopo: phunziro la kusamba m'manja kwa ana aang'ono

Phunziro la kusamba m'manja kwa ana a zaka 4 mpaka 7 lili ndi vuto limodzi lalikulu. Mwana amauzidwa kuti achotse m'manja mwake chinthu chimene sakuchiona. Akayang'ana zikhato zake n'kupeza kuti mulibe dothi, amaona kuti palibe chosambira, ndipo mwa nzeru za msinkhu wake salakwa. N'chifukwa chake phunziro lokonzedwa bwino limayamba ndi chionetsero, pamene chinthu chooneka ndi maso chimaimira majeremusi. Pambuyo pake pamabwera kusamba kwenikweni, kenako positala yokumbutsa ana zimene aona. Zonsezi zimatheka m'mphindi 30 kapena 40, kusukulu ya mkaka, ku sitandade 1 ndi 2, ngakhale pakhomo, ndipo zipangizo zake ndi makala, mafuta ophikira, sopo, madzi ndi mapepala oyera.

Zimene mwana ayenera kumva za majeremusi

Majeremusi ndi tizilombo tating'onoting'ono toyambitsa matenda, tosaoneka ndi maso pokhapokha pa makina a maikulosikopu. Alipo a mitundu yambiri. Mabakiteriya ndiwo amayambitsa kolera ndi taifodi, ndipo ndi aang'ono moti mazanamazana atandandalika pa mzere umodzi angakwane pa milimita imodzi ya rula. Mavairasi, amene amayambitsa chimfine ndiponso kutsekula m'mimba kwa ana ambiri, ndi ochepetsetsa kuposa pamenepo. Palinso mazira a njoka za m'mimba, amene amakhala m'dothi loipitsidwa ndi chimbudzi n'kukanirira m'zikhadabo za mwana amene waseweramo.

Mphunzitsi kapena mlezi ayenera kuzidziwa zimenezi, koma mwana wa zaka 5 safunika kumva zonse. Mfundo zitatu n'zokwanira. Yoyamba, majeremusi saoneka, choncho dzanja looneka loyera likhoza kukhala nawo. Yachiwiri, amachoka pa dzanja la munthu wina kupita pa dzanja la wina, pa chakudya ndi pa zinthu zimene anthu amagwira. Yachitatu, sopo ndi madzi othira zimawachotsa. Chilichonse chochitika m'phunziroli chimatumikira imodzi mwa mfundo zitatuzi, ndipo chimene sichikutero chimasiyidwa.

Njira yoopsa kwambiri imene majeremusi amadzera ndi yochokera ku chimbudzi kupita pakamwa. Kachidutswa ka chimbudzi kochepa kwambiri, kosaoneka ndiponso kosanunkha, kamatsalira pa chala, kenako chalacho chimagwira nsima, mango kapena kapu ya phala. Ndi mmene kamwazi, taifodi ndi matenda ena otsekula m'mimba amafalira, ndipo kolera, ngakhale imadzera kwambiri m'madzi akumwa, imadzeranso m'manja ndi m'zakudya. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko la Malawi, unapha anthu oposa 1,700, ndipo unachititsa kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana akusonyeza kuti kulimbikitsa kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa kutsekula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chiwerengerochi chikusonyezanso malire a phunziroli: silingalowe m'malo mwa madzi akumwa otetezedwa ndi zimbudzi zabwino.

Zokonzekera

Kwa kalasi ya ana 40, mphunzitsi amafunika makala osinja bwino okwana masupuni aakulu awiri, mafuta ophikira okwana masupuni aang'ono awiri, kambale kosakaniziramo, mapepala oyera anayi, sopo, jagi, beseni lolandirira madzi akuda ndi madzi oyera. Makala amasinjidwa n'kusefedwa kuti pasakhale tizidutswa tolasa khungu. Amasankhidwa chifukwa amaoneka bwino pa chikhato ndiponso amasiya chidindo pa pepala loyera. Phulusa siliyenera pa ntchitoyi, chifukwa m'midzi yambiri ndilo limalowa m'malo mwa sopo akasowa, ndipo mwana angasokonezeke akaliona likuimira majeremusi.

Mafuta ali ndi ntchito yake yeniyeni. Khungu la munthu limatulutsa mafuta ake, ndipo majeremusi ndi litsiro zimakanirira m'mafutawo. Makala ouma okha amachoka mosavuta ndi madzi, moti chionetsero chopanda mafuta chimaphunzitsa ana zosiyana ndi zimene zikufunika, zoti madzi okha ndi okwanira. Akasakanizidwa ndi mafuta amamatirira pa khungu monga mmene litsiro lenileni limachitira. Kasakanizidwe kake kayesedwe dzulo lake pa dzanja la mphunzitsi mwini. Kakakhala kouma kwambiri sikafalikira kwa ana ena, ndipo kakachuluka mafuta kamayenderera pa zovala.

Madzi nawo awerengedwe. Mwana aliyense akagwiritsa ntchito kapu imodzi ya mamililita 250, ana 40 amafuna malita 10, ndipo ndi bwino kuwonjezerapo malita ena 5 a chionetsero ndi otayika. Ndowa ya malita 20 ndiye yokwanira. Nthawi yabwino yophunzitsira ndi phala litatsala pang'ono kugawidwa, kuti kusamba kwa m'phunziro kukhale kusamba kwenikweni kokonzekera kudya. Malo abwino ndi panja, pafupi ndi posambira m'manja, ana atakhala mozungulira kuti aliyense aone.

Gawo loyamba: majeremusi amayenda

Mphunzitsi amayamba ndi kupempha ana kuti akweze manja n'kuwafunsa ngati ndi oyera. Ambiri amavomera. Kenako amawafunsa zimene agwira kuyambira m'mawa, ndipo mayankho amabwera okha: chitseko cha chimbudzi, mpira, nsapato, ndalama, mphuno, mbuzi. Apa m'pamene amawauza kuti pa zinthu zimenezi pamakhala tizilombo tosaoneka totchedwa majeremusi, ndi kuti lero makala aimira majeremusiwo kuti aliyense aone mmene amayendera. Mawu oti makalawo ndi oyerekezera chabe ayenera kunenedwa momveka, ndipo abwerezedwe kumapeto.

Mphunzitsi amapaka makala a mafutawo m'manja mwake, pa zikhato, pakati pa zala ndi kuseri. Ndi bwino kuti ayambe iye, osati mwana, chifukwa mwana amene wapakidwa poyamba anzake amatha kum'patsa dzina la majeremusi n'kumamuseka nalo masiku ambiri. Akatero amapatsa moni wa dzanja mwana mmodzi, mwanayo amapatsa moni wachiwiri, wachiwiri wachitatu, mpaka ana asanu kapena asanu ndi mmodzi. Onsewo amatambasula zikhato. Kudako kumanka kuchepa pa mwana aliyense wotsatira, koma kawirikawiri kamapezekabe ngakhale kwa amene sanagwirane ndi mphunzitsi. Funso loyenera pamenepa ndi lakuti makalawo afika bwanji kwa mwana wachinayi, ndipo ana asiyidwe kuti ayankhe okha.

Kenako mphunzitsi amanyamula kapu yoyera, n'kuiika pansi, ndipo mwana wa manja oyera amaitola. Zala zake zimada. Pomaliza amagwira chidutswa cha chinangwa chosenda kapena cha buledi n'kuchionetsa, chili ndi zidindo za zala zakuda, n'kufunsa amene angafune kudya. Ana amakana ndi mawu okweza, ena amachita tsinya. Kunyansidwa kumeneko n'kofunika, chifukwa kumasonkhezera mwana kusamba kuposa mantha a matenda amene angabwere mawa kapena mkuja. Chakudyacho chimatayidwa ana akuona.

Gawo lachiwiri: manja atatu, njira zitatu

Apa ndi pamtima pa phunziro. Ana atatu odzipereka amapakidwa makala ofanana, kadontho kamodzi kofanana ndi njere ya nyemba pa chikhato chilichonse, n'kutikita manja mpaka kuda kufike paliponse. Mwana wachinayi, kapena mphunzitsi, amadinda chikhato chosasamba pa pepala loyamba kuti pakhale chofanizira.

Mwana woyamba amapukuta manja pa kansalu kouma, monga mmene ana amapukutira pa malaya kapena pa diresi. Wachiwiri amathiridwa madzi okha n'kutikita mwachangu, monga mmene anthu ambiri amachitira nsima ikafika. Wachitatu amanyowetsa manja, amapaka sopo, amatikita kwa masekondi 20 anzake akuwerenga mokweza, kenako amatsukuluza ndi madzi othira. Onse atatu amagwedeza manja kuti aume pang'ono, kenako aliyense amadinda chikhato pa pepala lake.

Zotsatira zake siziyenera kufotokozedwa ndi mphunzitsi ana asanazione. Pepala la wopukuta limakhala ndi chidindo chakuda ndithu, ndipo kansalu kake nako kamakhala kakuda, zimene zikusonyeza kuti makala angosamukira pa nsalu. Pepala la wosamba madzi okha limakhala ndi chidindo chotuwa cha mafuta, ndipo pa manja pake madzi amaima timadontho osalowerera. Pepala la wosamba ndi sopo limangonyowa pang'ono. Mapepala anayiwo akaikidwa pa mzere, mwana wosadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi amatha kuloza dzanja limene angalole kuti limupatse chakudya.

Manja a mwana wachitatu ayang'anidwenso bwinobwino. Nthawi zambiri kuda kumatsala m'zikhadabo, m'mbali mwa chala chachikulu, pakati pa zala ndi pamkono pamene dzanja limapindikira. Malo amenewa ndi omwewo amene akuluakulu nawo amaiwala posamba, ndipo kuwapeza pa dzanja lenileni kumathandiza kuposa kuwatchula pa mndandanda. Mwanayo amasambanso malo otsalawo anzake akuona.

Ngati nthawi ilipo, chionetsero china chachifupi chimakhudza mwambo wosamba m'beseni limodzi. Ana asanu aja a moni wa dzanja amasamba motsatizana m'beseni la madzi oyera, ndipo madziwo amanka nada. Mwana wa manja oyera akaviikamo chikhato pomaliza, amachitulutsa chili ndi mafuta akuda. Pakhomo amene amasamba pomaliza kawirikawiri ndi mwana wamng'ono, amenenso thupi lake silinakhwime polimbana ndi matenda. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amalimbikitsa kuthirirana madzi ndi jagi, beseni n'kumangolandira madzi akuda.

Chifukwa chake sopo amachotsa

Mafuta ndi madzi sizisakanikirana, ndipo aliyense amene anatsukapo mbale ya ndiwo zonona ndi madzi ozizira okha amadziwa kuti mafuta amangofalikira osachoka. Pa khungu zimachitikanso chimodzimodzi. Tizigawo tating'ono ta sopo tili ndi mbali ziwiri, ina yogwira mafuta, ina yogwira madzi. Potikita, mbali yogwira mafuta imazinga mafuta a pa khungu pamodzi ndi majeremusi okaniriramo n'kuwagawa timadontho ting'onoting'ono, ndipo potsukuluza madzi amakoka mbali inayo n'kupita nazo zonse. Sopo amaphwanyanso chikuto cha mafuta chimene majeremusi ena ali nacho, monga vairasi ya chimfine ndi ya kovidi, koma ntchito yake yaikulu ndi yochotsa, osati yopha.

Kwa ana, mawu okwanira ndi akuti sopo amamasula majeremusi, madzi n'kuwatenga. Zimenezi zikufotokoza chifukwa chake kutikita ndi kutsukuluza n'zofunika zonse ziwiri. Sopo wamba wa mtanda wochapira zovala amagwira ntchito mofanana ndi wonunkhira wodula, ndipo madzi ozizira ndi okwanira, chifukwa madzi otentha moti n'kupha majeremusi angawotche khungu la mwana.

Kasambidwe kake

Ana akaona chifukwa chake, amaphunzira mayendedwe a manja, poyamba popanda madzi, onse pamodzi, akutsanzira mphunzitsi. Masitepe asanu ndi okwanira pa msinkhuwu: kunyowetsa, kupaka sopo, kutikita, kutsukuluza ndi kuumitsa. Potikita pali malo asanu oti dzanja lifike, omwe ndi zikhato, kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu ndi zikhadabo. Zikhadabo zimayera pokanda nsonga za zala pa chikhato chinacho. Zikakhala zazitali sopo safika pansi pake, ndiye makolo akumbutsidwe kuziwenga.

Masekondi 20 ndi nthawi yaitali kwa mwana. Akauzidwa kuti awerenge mpaka 20 amathamanga n'kumaliza nthawi isanakwane, ndipo ena a zaka 4 sanafike n'komwe pa nambala imeneyo. Njira yodalirika ndiyo kugawa nthawiyo pa malo asanu aja, malo aliwonse masekondi anayi, mphunzitsi akutchula dzina la malowo n'kuwerenga pang'onopang'ono mpaka 4. Kanyimbo kopekedwa m'kalasi momwemo, kotchula malo asanuwo motsatizana, kamachita ntchito yomweyo, malinga mphunzitsi akayeze ndi wotchi kuti kakukwanadi masekondi 20.

Poumitsa, manja agwedezedwe m'mwamba mpaka aume. Thaulo limodzi la kalasi yonse limabweza zonse zimene sopo wachotsa, chifukwa limanyowa n'kusunga majeremusi a ana onse. Manja onyowa amatola litsiro msanga kuposa ouma, choncho mwana asagwire kanthu asanaume. Pambuyo pa kuyeseza, ana amasamba zenizeni m'magulu a anayi kapena asanu, wina akuthirira mnzake. Mwana mmodzi akatenga masekondi 40 kuyambira kunyowetsa mpaka kutsukuluza, ana 40 pa malo amodzi osambira angathe pafupifupi mphindi 27, pamene pa malo anayi amatha m'mphindi 7. Mzere wautali ndi umene umachititsa ana kusamba mothamanga kapena kuzemba.

Positala

Chionetsero chimachitika tsiku limodzi, koma positala imakhala pakhoma teremu yonse. Yabwino kwambiri ndi imene yapangidwa ndi zinthu za m'phunziro lomwelo, chifukwa ana amaizindikira. Mapepala anayi a zidindo aja akauma amamatidwa pamwamba pa tchati kapena pa katoni yotambasula, kuyambira lakuda kwambiri kumanzere mpaka loyera kumanja. Pansi pa lililonse pamajambulidwa chimene chinachitika: dzanja lokha, kansalu, jagi ya madzi, jagi ndi sopo. Pa pepala lomaliza, poti palibe chooneka, dzanja la mwana lizunguliridwe ndi cholembera kuti maonekedwe ake atuluke.

Pakati pa positala pamakhala zithunzi zisanu za masitepe, zazikulu moti mwana woima pa mtunda wa mamita awiri azione bwino, chilichonse chili ndi nambala ndi liwu limodzi la Chichewa: nyowetsa, paka, tikita, tsukuluza, umitsa. Zinthu zojambulidwa zikhale zimene ana amagwiritsa ntchito pamalopo. Positala yosonyeza sinki yonyezimira ndi mpopi wa m'nyumba pa sukulu imene imasambira chigubu imauza mwana kuti kusamba kwabwino n'kwa anthu ena.

Pansi pake pamakhala nthawi zosambira. Akuluakulu amaphunzitsidwa nthawi zisanu, kuphatikizapo asanakonze chakudya, asanadyetse mwana ndiponso atasintha mwana thewera. Kwa mwana wamng'ono ziwiri ndizo zikulu: pochokera ku chimbudzi ndi asanadye chilichonse. Mawu akuti chilichonse atsindikidwe, chifukwa ana ambiri amadziwa kusamba nsima ikabwera koma saganiza za sopo akamadya mango, mandasi, nzimbe kapena chimanga chootcha. Ziwirizi zikakhazikika, pawonjezedwe kusamba atasewera pa dothi, atagwira ziweto ndi atamina.

Majeremusi pa positala amajambulidwa ngati timadontho tambirimbiri pa dzanja. Zilombo zazikulu za mano ndi nyanga zimasangalatsa ana ena, koma zimaopseza ang'onoang'ono, ndiponso zimafooketsa mfundo yoti majeremusi ndi ochepa kwambiri moti saoneka. Positala ipachikidwe molingana ndi maso a ana, osati a mphunzitsi, ndipo ikhale pamene kusamba kumachitikira. Ikakhala panja ikutidwe ndi pepala la pulasitiki loonekera kuti mvula isaiwononge. Yopachikidwa kuseri kwa tebulo la mphunzitsi imakongoletsa kalasi koma sikumbutsa mwana amene akutuluka m'chimbudzi.

Zimene zimasokonekera

Cholakwika chofala kwambiri chimachokera m'chionetsero chomwecho. Makala amaoneka, ndiye mwana angamve kuti kusamba n'kofunika pokhapokha manja akada. Njira yodziwira ngati zatero ndiyo kuonetsa mwana dzanja looneka loyera n'kunena kuti mwini wake wangochokera ku chimbudzi, kenako n'kufunsa ngati angadye nalo. Mwana akayankha kuti angadye chifukwa ndi loyera, mfundo yoyamba sinalowe. Pokonza zimenezi, chionetsero chibwerezedwe tsiku lina ndi mafuta okha opanda makala. Dzanja limaoneka loyera, koma likadindidwa pa pepala limasiya banga la mafuta looneka bwino pepalalo likayang'anitsidwa ku dzuwa.

Chionetsero china chotchuka ndi cha tsabola wakuda wosinja. Tsabolayo amawazidwa pamwamba pa madzi m'mbale, ndipo chala chopakidwa sopo chikakhudza madziwo, tsabola yense amathawira m'mphepete. Ana amachikonda kwambiri, koma chimene chimachitika si chimene chimachitika posamba. Pamwamba pa madzi pamakhala ngati kakhungu kokokana mbali zonse, sopo amafooketsa kukokanako pamene wakhudza, ndipo madzi a m'mbali amakoka tsabola kupita nawo. Majeremusi sathawa sopo. Mwana amene waona chionetserochi chokha angaganize kuti kukhudza sopo ndi chala n'kokwanira, osatikita. Chikhoza kugwiritsidwa ntchito pokopa chidwi koyambirira, koma chisalowe m'malo mwa chionetsero cha manja atatu. Chimagwira kamodzi kokha pa madzi omwewo, moti pobwereza mbale itsukidwe sopo yense achoke, ndipo tsabola wowawa monga kambuzi asayandikire n'komwe, chifukwa ana amagwira m'maso.

Palinso ngozi ya kuopseza ndi kuchititsa manyazi. Mwana akauzidwa kuti majeremusi ali paliponse ndipo amapha, angayambe kuopa kusewera kapena kugwira anzake. Ndi bwino kumuuza kuti kusewera pa dothi n'kololedwa, malinga asambe asanadye. Kuyendera manja a ana n'kutchula amene ali ndi litsiro pamaso pa anzawo kumalanga mwana chifukwa cha umphawi wa kwawo kapena kutalika kwa mjigo, zinthu zimene iye sangazisinthe.

Posambira pake

Phunziro limathera pa mawu ngati mwana akatuluka m'chimbudzi sapeza madzi ndi sopo. Pamene palibe mpopi, mpondagiya ndiwo umathandiza. Amazika mitengo iwiri ya mphanda, amapingasa wina pamwamba, n'kupachikapo chigubu cha malita 5 chobooledwa kabowo ndi msomali wotentha chakumtunda, pafupi ndi pakamwa pake. Chingwe chimachokera pakhosi pa chigubu kupita ku ndodo yogona pansi, ndipo mwana akaponda ndodoyo chigubu chimapendekeka, madzi n'kutuluka pang'onopang'ono, manja osagwira kanthu. Pansi pake amakumba kadzenje n'kuthiramo miyala kuti pasachite matope. Wa ana aang'ono ukhale wofupika, madzi azitulukira cha m'chiuno mwawo, ndipo ndodo yake ikhale yopepuka kuponda.

Sopo amabooledwa pakati n'kumangidwa pa chingwe, ndipo amavindikiridwa ndi botolo lodula kuti mvula isamusungunule. Kumene sopo wa mtanda amasowa kawirikawiri, madzi a sopo amathandiza: magalamu 30 a sopo wa ufa amasungunulidwa m'botolo la madzi la lita imodzi ndi theka, chitsekerero chake n'kubooledwa. Botololi lilembedwe chizindikiro ndipo lisafanane ndi la madzi akumwa. Sopo akasoweratu, phulusa loyera lochokera pa moto limagwiritsidwa ntchito potikita, ndipo n'labwino kuposa madzi okha, ngakhale silifika pa sopo ndipo limaumitsa khungu la ana.

Njira yochokera ku chimbudzi kupita posambira nayo imatha kuphunzitsa. Pa kafukufuku wina wa m'sukulu ziwiri za pulayimale ku Bangladesh, anakonza kanjira koonekera bwino kokhala ndi mapazi ojambula ochokera ku chimbudzi mpaka posambira. Ana osamba ndi sopo anakwera kuchoka pa 4 mwa 100 aliwonse kufika pa oposa 70, popanda phunziro lina lililonse. Miyala yopaka laimu yondandalikidwa m'njira, kapena mapazi ojambula pa simenti, zingayesedwe pa sukulu iliyonse.

Kudziwa ngati phunziro lagwira

Kufunsa ana ngati amasamba m'manja sikuthandiza, chifukwa onse amavomera. Chimene chimanena zoona ndi kuyang'ana mwakachetechete, patali pang'ono, ana akamatuluka m'chimbudzi nthawi yopuma, n'kuwerenga amene apita posambira ndi amene agwira sopo. Zikachitika phunziro lisanaperekedwe, n'kubwerezedwa pakatha sabata imodzi ndiponso pakatha mwezi, kusintha kumaoneka. Zipangizo nazo zimachitira umboni. Chigubu chimene chikadali chodzaza poweruka, sopo wouma wosaphwa ndi miyala youma pansi pa mpondagiya zikutanthauza kuti palibe amene akusamba.

Chizolowezi chimakhazikika ndi kubwereza pa nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, makamaka kusamba kwa gulu lonse phala lisanagawidwe, mphunzitsi nayenso akusamba ana akuona. Ana awiri amapatsidwa udindo wa sabata imodzi woona ngati madzi ndi sopo zilipo n'kuuza wamkulu zikatha. Chionetsero cha makala chimabwerezedwa kumayambiriro kwa teremu iliyonse, ndi zidindo zatsopano pa positala, chifukwa imene yakhalitsa pakhoma ana amasiya kuiyang'ana. Tsiku la kusamba m'manja pa dziko lonse, limene limakumbukiridwa pa 15 Okutobala kuyambira mu 2008, limafika m'Malawi mvula itatsala pang'ono kuyamba, nyengo imene matenda otsekula m'mimba ndi kolera amachuluka. Ndi nthawi yoyenera kuitana makolo kuti adzaone ana awo akuchita okha chionetsero cha manja atatu, ndi kukonzanso mipondagiya imene inathyoka m'chilimwe.